Mzere wotsiriza pa tsamba lachinayi

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale abambo a kunyumba kwanga. Iwo mpaka lero amati bodi ndiyo inatilanda mwana, ndipo ine ndimangovomera ndi mutu. Koma bodi sikanadziwa kanthu ndikanapanda kulemba mzere umodzi ndi zala zangazi. Ndipo ndisanaulembe mzerewo, ndinayenda miyezi iwiri ndi kalata ya anthu m'chikwama changa, kalata imene sinali yanga.

Ndinali mlembi pa kabungwe kosamala makanda amasiye pa Balaka. Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambiki inali itakula, anthu akulowera pa Nayuchi ndi mitolo kumutu. Ndinali ndi satifiketi ya zaulembi, ndipo ndinkainyadira kuposa muyeso. Ntchito yanga inali kutsegula makalata, kuwadinda tsiku lofika, kuwaika m'mafayilo, kutaipa, ndi kulemba maminitsi bodi ikakumana. Pamwamba panga panali amayi oyang'anira nyumba ya makandayo, munthu wochokera kunja, wodziwa kuyankhula Chichewa cha kuwodi koma wosakonda kuchiwerenga. Pamwamba pawo panali bodi ya anthu asanu ndi anayi.

Mwana wanga woyamba ali ndi miyezi itatu, kunabwera khanda la masiku asanu. Mayi ake anafika okha pa chipatala china chaching'ono cha kumalire, anachira, n'kumwalira tsiku lachiwiri asananene bwino kwawo. Khandalo linkakana botolo. Likamwa mkaka wa m'chitini linkasanza, mpaka khungu la pamimba linayamba kuchita makwinya. Amayi oyang'anira anabwera mu ofesi, anayang'ana mwana wanga atagona m'katoni pansi pa tebulo, kenaka anayang'ana ine. Ndinadziwa kuti akufuna ndiliyamwitse. Ndinapempha kuti ndikafunse kaye kunyumba. Abambo anati ngati mkaka ulipo, nanga tiusungire ndani.

Ndiye ndinayamwitsa awiri, wina bere ili, wina ilo. Poyamba ndinkamusiya kuwodi ndikaweruka. Kenaka ankalira ndikachoka, amayi oyang'anira anandilola kupita naye kunyumba Loweruka ndi Lamulungu, kenaka masiku onse. Tinkawatchula wamkulu ndi wamng'ono. Anthu a pamsika ankayesa ndi mapasa, ine osawatsutsa. Wamng'ono ndiye anayamba kuyenda, wamkulu n'kumamukwawira pambuyo akulira ndi nsanje.

Malamulo a bungwe ndinkawadziwa ngati dzanja langa, poti ndine ndinkawataipa. Khanda limasungidwa kufikira zaka zitatu, kenaka libwerere kwa abale ake. Abale asakidwe kwa chaka chathunthu kapena kuposa, polembera mafumu, mipingo, mizikiti ndi zipatala za kumene mayi anachokera. Akapanda kupezeka, bodi ikhoza kuvomereza banja lofuna kulera mwanayo ndi kutumiza dzina lake ku ofesi yoona zachisamaliro cha anthu ku boma, kumene tinkangoti kwa asosholo, poti iwo ndiwo anali ndi mawu otsiriza. Makalata osaka abale a wamng'ono ndinawalemba ndine, ndipo palibe yankho linabwera kwa zaka ziwiri. Ine ndi abambo tinalemba pempho lathu. Bodi inalilandira bwino, n'kuliika pa ajenda ya msonkhano wotsatira. Apampando, amene kale anali ahedi a sukulu, anandiuza akuseka kuti ndiyambiretu kusoka madiresi awiri ofanana.

Kalata ija inafika nthawi yokolola. Inachokera kwa bambo wina wa zaumoyo ku Nayuchi. Inati kwafika munthu wochokera kutsidya kwa malire, akufunsa za mlongo wake amene anathawa ali ndi pakati zaka ziwiri ndi theka zapitazo, ndipo zimene akufotokoza zikufanana ndi mayi uja amene tinkasaka abale ake. Ndinaiwerenga nditaimirira. Chidindo chinali pomwepo pa tebulo. Sindinachigwire. Ndinapinda kalatayo n'kuiponya m'chikwama, pakati pa khadi la kusikelo ndi khadi lachipani, ndipo ndinadziuza kuti ndiidinda mawa.

Mawa lake sindinaidinde. Ndinkati munthuyo mwina si iye, othawa nkhondo ambiri ataya alongo awo. Ndinkati ngakhale atakhala iye, munthu wogona m'chisakasa angalere bwanji mwana wozolowera phala la soya. Ndikamasambitsa anawo ndinkapezeka ndawathira sopo kawiri. Abambo ankati ndawonda, ndipite kuchipatala.

Mpando umodzi wa m'bodi unali wopanda munthu chimwalirireni mwini wake. Anasankha bambo wina wa ku Nsanama, wogulitsa mbewu ndi nsalu, amene anapitako ku Maka, ndipo aliyense ankangoti ahaji. Anali Msilamu woyamba kulowa m'bodiyo. Apampando anati makanda ambiri akuchokera kumbali imeneyo, si bwino kumagamula za ana a anthu popanda munthu wa komweko.

Membala watsopano aliyense ankapatsidwa chikalata chomudziwitsa za bungwe asanakhale pa msonkhano wake woyamba. Sichinali chachitali, masamba anayi basi, chonena cholinga cha bungwe, mmene bodi imagwirira ntchito, malamulo akuluakulu, ndi nkhani zimene zikudikira chigamulo, iliyonse ndi chiyambi chake, pamene yafika, ndi zimene bodi ikupemphedwa kuchita. Kale ndinkangotenga chakale cha m'Chingerezi n'kusintha tsamba lotsiriza. Koma ahaji anatumiza mawu kuti Chingerezi chawo n'cha pa sikelo yoyezera nandolo, awalembere m'Chichewa. Amayi oyang'anira anandipatsa ntchitoyo Lolemba, kuti pofika Lachisanu asaine, apampando aone, chitumizidwe.

Ndinayenera kunena pomwepo kuti tsamba lachinayi alembe wina, poti nkhani imodzi inali yanga. Sindinanene. Iwonso sanaganizeko. Ankandikhulupirira, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Tsamba loyamba silinavute. Bodi imakumana kanayi pa chaka. Kuti igamule kanthu payenera kukhala mamembala asanu. Mavoti akafanana, apampando ndiwo amadula. Zokambidwa za mwana aliyense zisatuluke m'chipindamo. Kenaka ndinafika pa lamulo lakuti aliyense amene nkhani ikumukhudza, kaya ndi membala kaya wantchito, anene poyera ndipo atuluke nkhaniyo ikamakambidwa. M'Chingerezi ndinalitaipa kambirimbiri osalimva, ngati mmene munthu amaimbira nyimbo ya Chilatini. Koma tsopano ndinayenera kufuna mawu ake ndekha, ndipo mawu amene ndinapeza anali omwe amayi anga akanandiuza. Ndinawataipa msangamsanga n'kutembenuza tsamba.

Lamulo losaka abale linali ndi chiganizo chakuti uthenga uliwonse wokhudza abale a mwana, ngakhale wokayikitsa, uikidwe m'fayilo ndi kuuzidwa bodi. Ndinayesa kulifupikitsa. Ndinalemba kuti bungwe limayesetsa kusaka abale, basi. Ndinayang'ana mzerewo, ndinachotsa pepala ndi kaboni wake, n'kuyambiranso. Satifiketi ija inandiphunzitsa kuti mlembi amafupikitsa mawu, safupikitsa lamulo.

Nkhani zodikira zinali zitatu. Yoyamba, ngati bungwe lilandire makanda a othawa nkhondo kupitirira mabedi amene tinali nawo. Yachiwiri, kumene kukumbidwe chitsime chatsopano. Yachitatu, pempho la banja la mlembi. Lachitatu masana ndinaitaipa yachitatuyo motere: mwana ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu, abale anasakidwa monga mwa lamulo, palibe amene wapezeka, bodi ikupemphedwa kuvomereza. Zonsezo zinali zogwirizana ndi fayilo. Ndinaika mapepalawo m'dirowa n'kupita kunyumba.

Lachinayi m'mawa ahaji anatulukira okha pa ofesi. Anabwera kudzagula katundu pa Balaka, ndiye anati angoona malowo ndi maso. Anali munthu wamfupi, wa chisoti choyera, nsapato zodzaza fumbi. Anazungulira kuwodi, anafunsa mkaka amautereka bwanji, anafunsa ngati ana a Chisilamu amapatsidwa nyama yoyenera akayamba kudya. Atalowa mu ofesi mwanga anayang'ana taipilaita n'kunena kuti kamakina aka kakulira ngati chigayo cha kwawo, kusiyana kwake n'koti chigayo chimatulutsa ufa. Ndinaseka. Potsanzika anaima pakhomo.

"Chemwali, ine pano ndine mlendo, ndipo mlendo amaponda pamene mwamuloza. Chimene mulembe ndicho ndidzakwezere dzanja. Mulembe zonse, ngakhale zowawa."

Sankadziwa kanthu. Ankanena za mabedi ndi chitsime.

Atapita ndinatulutsa tsamba lachinayi. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinkaopa basi. Ndinkaopa kuti munthu uyu amadziwa aliyense kuyambira pa Nsanama mpaka pa Nayuchi, tsiku lina adzakumana ndi malume ake a mwanayo pamsika. Ndinkaopanso china chimene sindidziwa dzina lake, chakuti wamng'ono adzakula, adzafunsa kwawo, ine n'kumuyankha kuti palibe amene anakufuna. Ndinataipanso tsamba lonse. M'malo mwa kuti palibe amene wapezeka, ndinalemba kuti kwalandiridwa kalata yochokera ku Nayuchi yonena za munthu amene mwina ndi malume a mwanayu, zimenezi sizinatsimikizidwe, ndipo malinga ndi lamulo bodi ikupemphedwa kuimitsa pempholi kufikira zitafufuzidwa. Pansi pake ndinawonjezera kuti mlembi wa chikalatachi ndiye wopempha, ndipo adzatuluka nkhaniyi ikamakambidwa. Kalata ija ndinaiwongola ndi chikhatho, ndinaidinda tsiku la Lachinayi lomwelo, n'kuiika m'fayilo. Chidindo chimenecho chinali bodza, ndipo chikadali momwemo.

Amayi oyang'anira anawerenga tsambalo pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Atafika pamenepo anavula magalasi, anandigwira phewa, n'kunena kuti pepani. Sanafunse kuti kalata yafika liti. Kunyumba ndinanena kuti amayi oyang'anira alandira kalata. Abambo anakakhala pakhonde mpaka ana anawakwera pamsana.

Pa msonkhano, zinthu zinayenda monga mwa ajenda. Anatsegula ndi pemphero, apampando anati pemphero lotsekera apereka ahaji, kuti Mulungu amve mbali zonse. Anavomereza maminitsi akale. Za mabedi anakangana nthawi yaitali, n'kugwirizana kuwonjezera anayi pakhonde lotchinga. Atafika pa nkhani yachitatu ndinaimirira, ndinapereka buku la maminitsi kwa membala wina kuti alembe, n'kutuluka. Ndinakhala pabenchi la alendo. Ndinkamva mawu koma osamva zonena.

Anandiuza pambuyo pake kuti mamembala ena ankafuna kungovomereza, ati kalata ya mwina si umboni, ndipo mwana wazolowera. Ahaji anakweza chikalata chija n'kunena kuti iwo ndi atsopano, akudziwa zokhazo zimene awalembera, ndipo pa tsamba lachitatu palembedwa kuti ngakhale uthenga wokayikitsa utsatidwe. Anati kwawoko mwana ndi wa kuchikazi, mwinimbumba ndi malume, ndipo kulanda munthu mbumba yake chifukwa wavala nsanza ndi mlandu umene sumatha. Anadzipereka kupita okha ku Nayuchi pamodzi ndi asosholo. Bodi inaimitsa pempho lathu.

Potuluka ahaji anandipeza pabenchi paja. Anali ataona kalatayo m'fayilo, tsiku limene inalembedwa pamwamba, chidindo changa pansi. Anandiyang'ana kanthawi.

"Sitima ya ku Nayuchi masiku ano imayenda mmene yafunira," anatero. "Makalata amachedwa."

Ndinati eya. Nkhaniyo sanadzaitchulenso.

Anabwerako ku Nayuchi patapita masabata atatu. Munthu uja anali malume akedi. Anatchula chipsera cha moto chimene mlongo wake anali nacho pamkono, ndipo anamwino a kuchipatala chija anachikumbukira. Anatchula mtundu wa chitenje chimene anathawa nacho, ndipo chitenjecho chinali m'kabati yathu, poti zovala za mayi womwalira tinkasungira mwana. Anali atapatsidwa kamunda ndi achibale a mbali ino, anali ndi mkazi ndi ana awiri. Asosholo anaona pakhomo pake n'kunena kuti ndi posauka koma mwana akhoza kukhalapo. Msonkhano wotsatira bodi inagamula kuti mwana abwerere kwawo akakwanitsa zaka zitatu, monga mwa lamulo. Maminitsi ake analemba wina, koma kutaipa ndinataipa ndine.

Lamulo linkati abale azibwera kudzacheza mwana asanapite, kuti awazolowere. Malume aja anabwera kawiri. Ndinkafuna kudana nawo koma zinakanika. Anali munthu wowonda, waulemu, wosadziwa pokhazika manja ake m'nyumba ya simenti. Tsiku loyamba anagwada pansi kuti afanane msinkhu ndi mwanayo, anamuyang'ana nkhope, n'kutembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Ahaji, amene ankatimasulira Chiyao, anati akuti mphumi ndi ya mlongo wake. Wamng'ono anamupatsa chipande chimene ankaseweretsa, kenaka anathawira kumbuyo kwanga.

Ahaji anayesa kundipepesa m'njira yawo. Anauza malume aja pamaso panga kuti m'chipembedzo chawo mkazi amene wayamwitsa mwana ndi mayi ake, ndipo ana oyamwa bere limodzi ndi pachibale mpaka imfa, kotero khomo lawo lisadzatsekedwe kwa ine. Malume anavomera ndi manja awiri. Ndinagwira mawu amenewo ngati munthu wokokoloka ndi madzi.

Tinawaperekeza pa siteshoni m'mawa. Ndinalongedza madiresi, khadi la kusikelo, kapu yake ya pulasitiki, ndi chitenje cha mayi ake. Ndinafotokozera mkazi wa malume kuti sadya therere, kuti akatentha thupi amayamba ndi kukanda khutu. Mayiyo ankangoti eya, eya, ngakhale sindikudziwa ngati ankamva zonse. Wamng'ono anakondwa ndi sitima. Anakwera yekha, anakhala pawindo, n'kumaitana mnzake kuti abwere. Anazindikira pamene sitima inayamba kuyenda ife tili pansi. Kulira kwake sindikufotokoza.

Wamkulu anasiya kudya masiku anayi. Ankaika mbale ziwiri pamkeka. Ankafunsa kuti sitima ibwera liti, ndipo ikalira kusiteshoni ankathamangira kumpanda.

Ndinakamuona wamng'ono kawiri. Ulendo woyamba anandithamangira n'kukana kutsika pamsana tsiku lonse, ndipo pochoka ndinachita kuzemba ali kuseri kwa nyumba. Anali atawonda, ali ndi zipere kumutu. Ndinalira njira yonse mpaka pa Liwonde. Ulendo wachiwiri, patapita miyezi isanu ndi umodzi, ndinamupeza akuthamangitsa nkhuku ndi asuweni ake, akukuwa m'Chiyao, masaya atabwerera. Anandiyang'ana, anamwetulira mwamanyazi, n'kukabisala m'chitenje cha azakhali ake aja. Anachita kumukankha kuti adzandipatse moni. Sindikudziwa ulendo umene unandipweteka kwambiri.

Ulendo wachitatu ndinapeza nyumba ilibe denga. Oyandikana nawo anati kunabwera uthenga wakuti amayi a malume aja ali moyo kutsidya, ndipo banja lonse linanyamuka kukawafuna mvula isanayambe. Nkhondo inali isanathe. Ahaji anafunsa kwa amalonda anzawo odutsa malire kwa chaka chathunthu. Wina anati anawaona, wina anati iyayi, amenewo ndi ena. Mpaka lero sindidziwa.

Ntchito ndikugwirabe pomwepo. Chikalata cha Chichewa chija chinakondedwa, ndipo membala watsopano aliyense amapatsidwa chomwecho, ine n'kumangosintha tsamba lachinayi. Wamkulu ali sitandade thuu tsopano, ndipo ali ndi mlongo wake wamwamuna. Ndikamusiya pageti la sukulu ndimaima mpaka alowe m'kalasi, aphunzitsi amandiseka. Tsiku lina anandifunsa ngati anali ndi mnzake wogona naye kale kapena analota. Ndinamuuza kuti sanalote. Anafunsa kuti anapita kuti, ndinati kwawo. Anati kwawo si kuno?

Abambo amati anthu a m'bodi anasankha pepala kusiya mwana. Ndikadzawapatsa izi kuti awerenge adzadziwa kuti pepalalo linali langa, ndi kuti ndinali nayo njira yokhalira chete imene palibe akanaitulukira msanga. Mwina lero akanakhala ndi ana atatu pakhomo, wina akuwerenga, wodya bwino, wogona m'neti. Mwinanso kukanakhala munthu wina kumalire akufunsabe aliyense wotsika sitima za mlongo wake. Ndayesa kuziika pa sikelo zimenezi ndipo tsiku lililonse zimalemera mosiyana.

Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga amene munayamwitsapo, ndiuzeni. Pa miyezi iwiri ija ndikudziwa kuti ndinalakwa, pamenepo musavutike. Ndikufunsa za Lachinayi lija. Kodi ndinamuchitira zabwino mwana ameneyu, kapena ndinangodzipulumutsa ndekha?